Lipoti la nkhani: kulemba kalaliki wa katundu ku Kanengo pogwiritsa ntchito mafunso ofanana ndi kalozera wa malikisi

Kampani imene tikukamba pano imagulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo nyumba yake yosungiramo katundu ili ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. M'miyezi 18 inalemba makalaliki a katundu awiri, ndipo onse sanakhalitse. Woyamba anachotsedwa matumba atayamba kusowa. Wachiwiri sanabe kanthu, koma makhadi ake a katundu sankagwirizana ndi zimene zinali pansi, moti kuwerengera kwa kumapeto kwa mwezi kunkatenga masiku atatu m'malo mwa tsiku limodzi. Akuluakulu a kampani ankati achinyamata a masiku ano ndi osakhulupirika. Ofesi yoona za antchito inapempha kuti tiyambe taona mafayilo a maintaviyu awiri aja tisanalengezenso za mpatawo.

Zimene zinali m'mafayilo

Pa intaviyu iliyonse panali ofunsa atatu, koma pepala lolembedwa linali limodzi lokha, la wapampando. Pa munthu amene anasankhidwa koyamba panalembedwa kuti ndi waulemu, wovala bwino, ndipo akuoneka wokhulupirika. Pa wachiwiri panalembedwa kuti Chingerezi chake ndi chabwino kwambiri. Panalibe mzere ngakhale umodzi wonena zimene anthuwa anayankha pa nkhani ya katundu. Titacheza ndi ofunsawo payekhapayekha tinapeza kuti wina anafunsidwa kwa mphindi 10, wina pafupifupi ola lathunthu, ndipo mafunso ankangobwera malinga ndi mmene machezawo akuyendera. Funso lokhalo limene aliyense anafunsidwa linali lakuti, "Kwanu n'kuti?"

Funso limeneli kwathu kuno ndi moni chabe, ndipo amene ankalifunsa sankaganiza zoipa. Koma likangoyankhidwa, wofunsa wadziwa boma, mtundu, mwinanso mpingo wa munthuyo, ndipo ngati ndi wakwawo machezawo amafewa. Wofunsidwa amamasuka, amayankha bwino, wofunsa n'kumuona ngati wanzeru kuposa anzake. Apa palinso mbali ya malamulo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho, ndipo gawo 5 la lamulo la zolembana ntchito la 2000 limaletsa kusala wofuna ntchito chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kukhala pabanja kapena udindo wosamalira banja. Kampaniyi ikanafunsidwa kubwalo la milandu ya za ntchito chifukwa chimene inasankhira uyu n'kusiya uyo, ikanangoonetsa pepala lonena za kavalidwe.

Choncho tinagwirizana zinthu ziwiri: aliyense afunsidwe mafunso omwewo motsatana chimodzimodzi, ndipo yankho lililonse liyezedwe ndi kalozera wolembedwa intaviyu isanachitike. Manijala wa nthambi anakayikira, ponena kuti iwo munthu amamudziwa akangomuona. Tinawasonyeza kafukufuku wa Paul Sackett ndi anzake wa 2022, amene anaunikanso zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri pa njira zosankhira antchito. Pa muyezo umene 0 amatanthauza kuti njirayo silosera chilichonse za kagwiridwe ka ntchito ndipo 1 amatanthauza kulosera kosaphonya, intaviyu yokhala ndi dongosolo inapeza 0.42, pamene yongocheza inapeza 0.19. Manambalawa sanawasunthe kwenikweni. Chimene chinawasuntha ndi mafayilo awo omwe aja.

Kumene mafunso anachokera

Sitinatenge mafunso pa intaneti, ndipo sitinayambire pa chikalata chofotokoza ntchito, chifukwa chinali ndi mawu monga "wolimbikira" ndi "wodziwa kugwira ntchito ndi anzake", amene angakwanire ntchito ina iliyonse. Tinakhala pansi ndi kapitawo wa nyumba ya katundu, akauntanti, ndi mlonda wa pageti amene wakhalapo zaka zambiri. Aliyense tinamupempha kuti atiuze zochitika zenizeni: tsiku limene kalaliki anachita bwino kwambiri, ndi tsiku limene analakwitsa kwambiri. Pa chochitika chilichonse tinkafunsa kuti zinthu zinali bwanji, kalalikiyo anachita chiyani, ndipo zinatha bwanji. Njirayi inafotokozedwa ndi John Flanagan mu 1954, ndipo ubwino wake ndi wakuti imatseka pakamwa pa mawu oyamikira chabe. Munthu akati "anali wosamala", umamubwezera kuti, "Anachita chiyani chimene munaona ndi maso?"

Tinasonkhanitsa zochitika 23. Titaziika m'magulu zinagwera pa zinthu zinayi: kulandira katundu ndi kulemba nambala yoona, kukana kutulutsa katundu popanda chikalata ngakhale wopemphayo ali wamkulu, kuyendetsa aganyu onyamula matumba, ndi kuulula msanga ukalakwitsa. Ziwiri zoyambirira ndi zimene zinatayitsa kampani ndalama. Motero pa mafunso 6 amene tinakonza, funso loyamba ndi lachiwiri malikisi ake tinkawachulukitsa kawiri. Funso lililonse linali la malikisi 1 mpaka 5, kutanthauza kuti wokhoza zonse apeza 40. Tinalemba pasadakhale kuti wosafika 24 salembedwa ngakhale atakhala woyamba, chifukwa 24 ndi amene munthu amapeza akapata 3 paliponse.

Funso loyamba linali ili. "Lole yafika nthawi ya 4:40 madzulo. Kalata yobwera ndi katundu ikunena matumba 600 a feteleza a makilogalamu 50. Mwawerenga potsitsa ndipo mwapeza 592. Dalaivala akuti musaine msanga chifukwa ali ndi ulendo wautali. Manijala kulibe ndipo sakuyankha foni. Mutani?"

Kalozera wake tinalemba pa malo atatu okha. Wopata 1 ndi amene wasainira matumba 600 pokhulupirira dalaivala, kapena wabweza lole yonse osalemba chilichonse. Wopata 3 ndi amene wawerenganso, walemba 592 pa kalatayo, wasainira nambala imeneyo, n'kudziwitsa manijala. Wopata 5 ndi amene wachita zonsezo, komanso wawerenganso pamodzi ndi dalaivala ndi mboni monga mlonda kapena kapitawo, walemba 592 pa makope onse, wapempha dalaivala kusainira kuperewerako, walowetsa 592 pa khadi la katundu, ndipo wasiya lipoti lolemba tsiku lomwelo. Malikisi 2 ndi 4 ndi a mayankho ogwera pakati. Kulemba tanthauzo la manambala onse asanu kumaoneka ngati kusamala, koma wofunsa sangasunge ndime zisanu m'mutu uku akumvetsera ndi kulemba.

Funso lachiwiri linali lofunsa zakale: "Tiuzeni za nthawi imene munthu wokuposani udindo kapena msinkhu anakuuzani kuti mupereke chinthu popanda chilolezo choyenera." Mafunso otere ali ndi msampha kwa amene sanalembedwepo ntchito, choncho tinawonjezera mzere wowerengera aliyense wakuti chitsanzo chingachokere kuntchito, kusukulu, kumpingo, kubanki m'khonde kapena pa golosale ya pakhomo. Tinaloleza mafunso otsatira atatu okha pa funso lililonse: "Zinachitika liti ndipo kuti?", "Inuyo munachitapo chiyani?" ndi "Zinatha bwanji?" Lapakatilo ndi lofunika kwambiri kuno. Anthu ambiri oleredwa bwino sanena kuti "ndinachita", amati "tinachita", poopa kudzitama. Wofunsa amene sakumba amam'mana malikisi munthu wodzichepetsa n'kuwapereka kwa wodziwa kudzigulitsa.

Kalozera woyamba anali ndi tsankho lakelake

Sabata imodzi intaviyu isanachitike tinayesa mafunsowa pa antchito awiri a pakampanipo amene sankafuna mpatawo, ofunsa atatu aja, manijala, akauntanti ndi kapitawo, akupereka malikisi. Mmodzi wa oyankhawo anali wothandiza kapitawo, amene aliyense amavomereza kuti ntchito ya katundu amaidziwa kuposa onse. Pa funso la lole anatchula mfundo zonse za pa 5, m'Chichewa, maso ali pansi. Anapatsidwa 5, 3 ndi 2.

Vuto silinali ofunsa okha. M'kalozera woyamba, pa malikisi 5, tinali titalemba tokha mawu akuti "akufotokoza momveka bwino ndi molimba mtima". Mawu amenewa anatsegulanso khomo limene tinkafuna kutseka. Wofunsa wina anamva kuti "momveka bwino" ndiye kuti m'Chingerezi, wina anamva kuti "molimba mtima" ndiye kuti kuyang'ana m'maso, chonsecho kwathu kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi ulemu. Tinabwerera m'kalozera yense n'kufufuta mawu aliwonse ofotokoza maonekedwe kapena kalankhulidwe, n'kusiya aneni okha: wawerenga, walemba, wakana, wadziwitsa. Muyezo wake ndi wosavuta. Ngati munthu amene sanali m'chipindamo atawerenga zimene wofunsidwa ananena sangathe kuona ngati mzere wa kalozera wakwaniritsidwa, mzerewo ndi wolakwika.

Nkhani ya chilankhulo tinaithetsa poyang'ana ntchitoyo. Kalaliki wa katundu amalemba mafomu a Chingerezi, koma tsiku lonse amalankhula Chichewa ndi aganyu, madalaivala ndi alimi. Mafunso onse tinawalemba m'zilankhulo ziwirizi pasadakhale, kuti pasakhale womasulira za m'mutu mwake pomwepo, ndipo wofunsidwa ankasankha chimene akufuna. Titayesanso ndi kalozera wokonzedwa, ofunsa sanasiyane kupitirira malikisi amodzi pa funso lililonse.

Mayina a oitanidwa 8 anaperekedwa kwa ofunsa kutatsala masiku atatu, aliyense n'kusainira ngati akudziwa wina. Akauntanti anaulula kuti mmodzi amayimba naye kwaya. Maganizo oyamba anali akuti angotuluka pa munthu yekhayo, koma tinakana. Ofunsa amasiyana kuwuma dzanja, ndipo munthu mmodzi akayezedwa ndi gulu losiyana ndi la anzake, malikisi ake sangafanizidwe ndi a enawo. Wachiwiri wawo, amene analipo pa tsiku loyesa lija, analowa m'malo mwawo pa anthu onse.

Tsiku la intaviyu

Tinagawa m'mawa uwiri, anthu anayi tsiku lililonse, chifukwa wofunsa amene wamva nkhani ya lole kasanu ndi kawiri dzuwa litapendeka salembanso kanthu. Munthu aliyense anali ndi mphindi 35, kenaka mphindi 10 za malikisi. Anabwera anthu 7. Wa ofesi ya antchito ankasunga nthawi ndi kutolera mafomu koma sankapereka malikisi. Malamulo a m'chipinda anali ochepa: kulemba ndi cholembera cha inki, kulemba mawu amene munthu wanena osati maganizo ako pa iye, kupereka malikisi uli chete, ndi kupereka fomu usanalankhule ndi mnzako.

Lamulo lomalizali linasweka pa munthu wachiwiri. Anali bambo wa dipuloma, wovala suti, wa Chingerezi chosalala. Atangotseka chitseko, manijala, amene anali wapampando, anati, "Ameneyu ndiye munthu." Kapitawo, amene manijalawo ndi bwana wawo, anakhwatcha 3 amene anali atalemba n'kuika 4. Inki inathandiza, chifukwa nambala yoyamba inkaonekabe. Wa ofesi ya antchito anaimitsa zonse n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, tidikire kaye mafomu afike kuno." Nambala yoyamba ndi imene inawerengedwa. Kuyambira pamenepo tinawonjezera kuti pokambirana woyamba kulankhula akhale wamng'ono pa udindo, wapampando akhale womaliza. Amene akonza intaviyu zotere kuno asaganize kuti kalozera payekha angagonjetse ulemu umene timapereka kwa akuluakulu. Ngati bwana alankhula mafomu asanatoleredwe, muli ndi wofunsa mmodzi ndi mboni ziwiri.

Kukambirana kunachitika anthu onse atatha, ndipo kunali pa mafunso okhawo amene ofunsa anasiyana ndi malikisi awiri kapena kuposerapo. Pa funso lotero aliyense ankawerenga zimene analemba, n'kuziika pafupi ndi kalozera. Wosintha nambala ankalemba chifukwa chake pambali n'kusaina.

Bambo wa dipuloma uja anapeza 36 kwa manijala, 28 kwa wachiwiri kwa akauntanti, ndi 26 kwa kapitawo. Kusiyana kwakukulu kunali pa funso la lole, pamene manijala anapereka 5 ndipo ena awiriwo 2. Zolemba za onse atatu zinkafanana: bamboyo analankhula nthawi yaitali za kutsata ndondomeko za kampani ndi kuteteza katundu, koma sanatchule nambala imene akanasainira. Atafunsidwa kuti iyeyo akanachitapo chiyani, anati akanasaina kuti dalaivala asachedwe, kenaka m'mawa n'kukauza manijala. Kusainira 600 ndiye kuvomereza kuti matumba 8 anafika ndipo anasowera m'manja mwako. Chifukwa choti anatchula zokanena, yankholo linali la 2. Manijala anawerenga zolemba zawo zomwe kawiri, n'kuseka, n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu. Anatsitsa nambala kufika pa 2, ndipo popeza funsoli limachulukitsidwa kawiri, 36 uja anasanduka 30. Avereji ya bamboyo inakhala 28.

Amene anatsogola anali mayi wa MSCE amene anagwirapo ntchito zaka zitatu pa shopu yogulitsa zipangizo za ulimi ku Mitundu. Anapeza 29, 34 ndi 33. Pa funso lachiwiri anafotokoza za mlamu wa mwini shopu amene anafuna matumba awiri a mbewu pa ngongole mwiniwake kulibe. Mayiyu anakana, anamuyimbira mwini shopu mlamuyo ali pomwepo, ndipo ataloledwa analemba m'kope n'kumusainitsa. Manijala anali atapereka 3 chifukwa, mwa mawu awo, inali shopu chabe. Kalozera sankanena za kukula kwa malo, choncho anakweza kufika pa 4. Koma wokondera sanali manijala okha. Kapitawo anali atapatsa mayiyu 5 pa funso la aganyu pamene zolemba zawo zinkangokwanira 4, ndipo anavomera kuti anakopeka chifukwa naonso anayambira pa shopu yotere. Anatsitsa. Avereji ya mayiyu inakhala 32.3, wachiwiri anapeza 30, bambo wa dipuloma anakhala wachitatu.

Manijala anali ndi nkhawa imodzi yotsala: "Nanga akatenga pakati nthawi ya feteleza?" Funsoli silinali pa fomu ndipo silikanakhalapo. Lamulo la 2000 lija limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 cholipidwa mokwanira m'zaka zitatu zilizonse, ndipo kumukana ntchito poopa tchuthicho ndi tsankho. Chimene kampani inali ndi ufulu wofunsa chinali chitafunsidwa kale kwa onse 7 mofanana: anauzidwa maola a ntchito a miyezi ya Okutobala mpaka Disembala, kuphatikizapo Loweruka, n'kufunsidwa ngati angakwanitse. Mayiyu anali atavomera.

Zimene zinatsatira

Patapita sabata, wachibale wa bambo wa dipuloma anayimba foni kudandaula kuti kampani yasiya wophunzira n'kutenga wa fomu 4. Ofesi inalembera bamboyo kalata yomufotokozera mafunso amene anachita bwino ndi pamene yankho lake linaperewera, osatchula malikisi a munthu wina. Nkhaniyo inathera pomwepo. Mafomu onse a ofunsa, ndi zokhwatcha zake zomwe, anasungidwa m'fayilo imodzi.

Mayi uja anayesedwa miyezi 6 n'kukhazikitsidwa. M'nyengo yoyamba ya feteleza kuwerengera kwa mwezi kunabwerera pa tsiku limodzi, ndipo mu Novembala lole itafika ndi matumba 596 anachita monga ananenera pa intaviyu, dalaivala n'kusainira kuperewerako. Izi sizikutsimikizira kuti njirayi siphonya, chifukwa munthu mmodzi si umboni, ndipo bambo wa dipuloma sitinamuone ali pantchito. Panalinso chofooka chimene intaviyu sinachione. Mayiyu ankachedwa kwambiri kulowetsa manambala pa kompyuta, moti akauntanti anamuphunzitsa kwa miyezi iwiri. Pa zochitika 23 zija panalibe chokhudza kompyuta, chifukwa anthu amene tinawafunsa ankakumbukira za matumba, ndipo ife sitinafunse za mbali imeneyo.

Funso limodzi linapita pachabe. Lachisanu ndi chimodzi linkafunsa zimene munthu angachite ataona mnzake akuba. Onse 7 anati akanena, ndipo onse anapeza 4 kapena 5. Funso limene yankho lake labwino likudziwika kwa aliyense silisiyanitsa anthu. La lole linasiyanitsa chifukwa linali ndi zinthu ziwiri zabwino zolimbana, kusachedwetsa dalaivala ndi kulemba nambala yoona, pamene la kuba linali ndi njira imodzi yokha. Pa mpata wotsatira funsoli linachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa ntchito ya mphindi 15: wofunsidwa amapatsidwa makalata asanu a katundu wolowa ndi wotuluka, imodzi ili ndi nambala yolakwika, kuti adzaze khadi la katundu kenaka alowetse manambalawo pa kompyuta. Amachonga ndi munthu amene sali m'gulu la ofunsa, ndipo pa pepalapo pamakhala nambala m'malo mwa dzina.

Vuto lalikulu limene linatsala linali kumayambiriro. Makalata ofunsira ntchito anali 214, ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene anasankha oitanidwa 8, popanda kalozera. Titabwerera m'mbuyo tinapeza kuti kalata ya mayi uja poyamba inaikidwa pambali chifukwa analibe dipuloma, chonsecho chilengezo chinkangofuna MSCE ndi zaka ziwiri zogwira ntchito ya katundu. Inabwezedwa pa mulu chifukwa munthu wina amene anasankhidwa sankapezeka pa foni. Tsopano makalata amawerengedwa ndi anthu awiri payekhapayekha, tsamba lokhala ndi dzina, chithunzi, boma ndi chipembedzo litachotsedwa, ndipo amangochonga zinthu zimene chilengezo chinatchula. Kalata imene awiriwo asiyana maganizo imapita kwa wachitatu.